Batani loliza lokha

Lumikizani batani pa phini ya Arduino Uno, muona pulogalamu ikunena kuti ladinidwa pomwe simunalikhudze. Phiniyo ili lende: sinagwire ku mavoti 5 kapena ku GND, choncho imatola timagetsi tongoyendayenda, ngakhale ta m'dzanja lanu.

Mankhwala ake ndi rezisita ya maomu 10,000 yokokera phiniyo m'mwamba, ku mavoti 5. Mukadina, batani limaigwetsera ku GND. Rezisita yokokera pansi imachita mosemphana. `INPUT_PULLUP` imayatsa yokokera m'mwamba ya m'kati mwa chipu.

Palinso phini zongodziwa kukokera pansi, monga za I2C. Zipangizo zingapo zimagawana waya umodzi popanda kulimbana, koma mukaiwala rezisita, wayayo sakwera ndipo uthenga sudutsa.