Lisiti Yochokera pa Foni: Kulumikiza Pulinta ndi Sikana mu Golosale

Dzuwa likalowa, mwini golosale amatsegula kope, koma ndalama za m'kabati ndi zolembedwa sizikugwirizana. Shuga watha mapaketi khumi, m'kope mwalembedwa asanu ndi awiri. Foni ya Android, kapulinta ka malisiti ndi sikana zingatseke mpata umenewu, bola muzilumikize mwadongosolo.

Yambani ndi pulinta payokha, foni ili poteropo. Tumapulinta tambiri ta m'manja timalandira pepala la mamilimita 58 m'lifupi, ndipo sitifuna inki chifukwa timalemba ndi kutentha. Pepalalo limagwira mbali imodzi yokha. Likandeni ndi chikhadabo: mbali yomwe yatuluka mzere wakuda ndiyo iyang'ane kumutu wotenthawo. Mukalitembenuza, lisiti imatuluka yoyera mbee. Kenako zimitsani pulinta, dinikizani batani la `FEED` osalisiya, n'kuyatsanso. Mapulinta ambiri amatulutsa kapepala kosonyeza dzina lake ndi nambala yolumikizira, yomwe kawirikawiri imakhala `0000` kapena `1234`.

Tsopano yatsani Bluetooth pa foni, sankhani dzina lija, lembani nambalayo. Apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka: foni yavomera, koma lisiti osatuluka. Chifukwa chake n'chakuti pulogalamu yogulitsira, monga Loyverse POS, iyenera kuuzidwa payokha. Lowani pa `Settings`, kenako `Printers`, onjezani pulintayo, sankhani mamilimita 58, ndipo tulutsani lisiti yoyesera. Mizere ikamaduka pakati mitengo n'kugwera pansi, ndiye kuti mwasankha 80. Zilembo zikatuwa, tchajani batire.

Sikana ili ndi khalidwe lina. Foni imaiona ngati kiyibodi: ikawerenga timizere ta pa paketi, imangolemba manambala ake, nthawi zambiri 13. Iyeseni potsegula polembera uthenga n'kuwalitsa pa paketi ya sopo. Manambala akaoneka ofanana ndi omwe ali pansi pa timizereto, zatheka. Kiyibodi ya pa foni ikasowa musadandaule kuti yawonongeka; pitani pa `Physical keyboard` muilole kuti izionekabe.

Koma sikana sidziwa mtengo. Mukapikula katoni ya sopo 24, lembani nokha dzina, mtengo ndi chiwerengero, n'kuwerengetsa bakhodi kamodzi. Wogula akatenga atatu, pulogalamu isonyeze kuti atsala 21. Ikati katunduyo sakupezeka, ndiye kuti simunamulembe. Mafuta oyeza, mazira ndi mandasi alibe bakhodi, choncho apatseni mabatani awoawo pa foni.

Kumbukiraninso kuti lisiti yotere imafufutika ikakhala padzuwa kapena pafupi ndi mbaula. Umboni weniweni uli mu pulogalamu, kotero madzulo aliwonse yerekezani ndalama za m'kabati ndi zomwe foni yalemba. Wogula asanalowe mawa m'mawa, yesani pulinta, sikana ndi lisiti imodzi, kenako tsegulani chitseko.