Mpopi ukayamba kudontha, musaukunge

Mpopi wodontha dontho limodzi pa sekondi iliyonse umataya madontho 86,400 pa tsiku, ndipo mukawatchera amadzaza ndowa ya malita 20. Pa mwezi ndi malita oposa 600, ndipo onsewo adutsa kale pa mita, adzalowa mu bilu. Ambiri akaona dontho amagwira chotsegulira ndi manja awiri n'kuchikunga mpaka chitalira. Kukungako n'kumene kumamaliza mpopi, kaya ndi wa labala kaya ndi wa seramiki, ngakhale kuti iwiriyi imawonongeka mosiyana.

Kuzindikira mtundu wa mpopi wanu sikufuna sipanala. Ngati mumaupotokola kangapo kuti madzi atuluke bwino, ndi wa labala. Ngati mukangoukhotetsa pang'ono, gawo limodzi mwa magawo anayi a kuzungulira, watseguka kale n'kuima nji, ndi wa seramiki. Mipopi ya chogwirira chimodzi, yosakaniza madzi otentha ndi ozizira, nayonso yambiri ndi ya seramiki.

Mu mpopi wa labala muli kachitsulo ka mkuwa kamene kamatsika mukamatseka. Kumapeto kwake kuli kalabala kozungulira, kamene mapulambala amati washala, ndipo kamakakhala pa mlomo wa bowo lomwe madzi amakwerera. Madzi amaima chifukwa labala wafinyidwa pa mlomowo. Akafinyidwa tsiku ndi tsiku amaphwatalala, amauma, amang'aluka, ndipo wa ku mbali ya madzi otentha amatha msanga kuposa mnzake. Apa palibe chodabwitsa, labalayo anapangidwa kuti azitha n'kusinthidwa, ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri.

Titenge mpopi wa pasinki wa theka la inchi, umene ukudontha kukamwa ngakhale wotseka. Tsekani madzi pa valavu ya pafupi ndi mita, tsegulani mpopiwo kuti otsalira m'paipi atuluke, ndipo tsekani bowo la sinki kuti kasikulu kasagweremo. Chotsani chotsegulira. Pansi pake muona nati yaikulu ya mkuwa. Imasuleni ndi sipanala, dzanja lina litagwira thupi la mpopi kuti lisapotoke, apo ayi mungathyole polumikizira pansi pa sinki, ntchito n'kukula. Mutu wonse ukatuluka, washala ali kunsi kwake, nthawi zina atagwidwa ndi kanati kakang'ono. Ikani watsopano wa saizi yomweyo. Wa m'bafa kawirikawiri amakhala wokulirapo, wa magawo atatu mwa anayi a inchi, choncho ndi bwino kutenga wakaleyo popita ku hadiweya.

Koma musanabwezere mutu, lowetsani chala m'thupi la mpopi n'kusisita mlomo uja. Apa ndi pamene anthu ambiri amadumpha, ndipo ndiye chifukwa chake mpopi woikidwa washala watsopano umayambiranso kudontha patangopita milungu yochepa. Madzi akamadutsa pa kampata kakang'ono kwa miyezi yambiri, amakumba kangalande pa mkuwawo. Mukawalitsa tochi mumakaona, ndipo chikhadabo chimakodwapo. Labala watsopano sangatseke ngalande imeneyi, ndipo m'mphepete mwake mokakala mumamudula. Mankhwala ake ndi kachida kopalira mlomowo, kamene kamamangidwa m'malo mwa mutu wa mpopi. Mumakazunguza pang'onopang'ono mpaka mkuwa utawala mofanana kuzungulira konse, kenako n'kutsuka tizinyenyeswa. Musapale mopitirira, mkuwa wa pamenepo si wochindikala. Ngalandeyo ikakhala yozama moti sikutha, kapena thupi la mpopi litang'aluka, gulani mpopi wina.

Madzi akamatulukira pamwamba, m'munsi mwa chotsegulira, makamaka mpopi ukatseguka, washala alibe mlandu. Chatha ndi chotchinga cha pakhosi pa kachitsulo kaja. Pa mipopi yakale kanati ka pakhosipo mukakamanga pang'ono madzi amaleka, akapanda kuleka mumakulungapo tepi yoyera ya mapulambala. Pa ina pamakhala kamphete ka labala kofunika kusintha.

Mpopi wa seramiki sufinya kanthu. M'kati mwa katiriji yake muli timbale tiwiri ta dongo lowotcha lolimba kwambiri, lopangidwa ndi alumina, tosalazidwa mpaka tikagundana madzi osapeza podutsa. Kamodzi sikasuntha, kena kamazungulira pamwamba pake. Mabowo ake akayang'anizana madzi amatuluka, akasemphana madzi amaima. Poti palibe chofinyidwa, mpopi wotere umatha zaka zambiri osadontha, ndipo mwana kapena gogo wa nyamakazi amautseka ndi chala chimodzi.

Mdani wake ndi mchenga. Madzi akasiya n'kubweranso, kapena paipi ikaphulika penapake n'kukonzedwa, oyambirira amabwera ndi dothi ndi dzimbiri. Kamchenga kakapanikizika pakati pa timbaleto kamatikanda, kapena kamabenthula m'mphepete mwa bowo, ndipo mkwaso umenewo sukonzeka. Labala amatha kumeza kamchenga n'kutsekabe, seramiki sakhululuka. Wina akaona dontho n'kukankha chogwirira kupitirira pamene chimaima, timbaleto timatha kusweka, dontho n'kusanduka mtsinje.

Si katiriji iliyonse yodontha imene yafa. Kunsi kwake kuli kalabala kamene kamaigwirizanitsa ndi thupi la mpopi, ndipo nthawi zina katha ndi kameneka. M'madera a madzi a laimu, monga a m'zitsime zina za mjigo, zoyera zimaundana pa timbaleto, chogwirira n'kuyamba kulimba. Iviikeni katirijiyo mu viniga kwa ola limodzi kapena awiri, muitsuke, muyang'ane timbaleto powala. Tikakhala tosalala, bwezerani. Mukaona mzere kapena pobenthuka, sinthani katiriji yonse.

Pogula ndi pamene pali msampha. Makatiriji amasiyana kutalika, amasiyananso kuchuluka kwa timano ta pamutu pomwe chogwirira chimalowa: ena ali ndi 20, ena 24, ena 28. Pa mipopi yambiri ya zogwirira ziwiri, wa kotentha ndi wa kozizira amatsekera mbali zosiyana, ndipo kawirikawiri wina amakhala ndi labala wofiira, wina wabuluu. A mipopi ya chogwirira chimodzi ambiri ndi a mamilimita 35 kapena 40 m'mimba mwake. Osagula pongoyerekeza ndi maso. Nyamulani wakaleyo mukafananize pakauntala. Mipopi yambiri yotchipa ilibe dzina la kampani, ndipo katiriji yake ikasowa, mpopi wonse wonyezimirawo umatayidwa chifukwa cha kachidutswa kochepa ngati chala chachikulu.

N'chifukwa chake ine sindivomereza zoti wa seramiki ndi wabwino paliponse. Panja, pochapira, pa mpopi wogwiritsa ntchito mabanja angapo, kapena kumene madzi amadukaduka, wa labala ndiye woyenera, chifukwa washala amapezeka mu hadiweya iliyonse ndipo mwini nyumba angathe kumusintha yekha. Wa seramiki ayikidwe m'nyumba, makamaka ngati paipi yolowa ili ndi sefa, ndipo musanagule funsani wogulitsa akuonetseni katiriji yake yapadera. Madzi akabwera atasowa, yambani mwatsegula mpopi wapanja wa labala kuti dothi litulukire kumeneko, ndipo akayera mutsegule a m'nyumba.