Mizere Iwiri Isanadulidwe

Uthenga wautali pa Facebook suoneka wonse. Foni imaonetsa mizere yoyamba yokha, kenako mawu oti "See more". Munthu amene ali mu minibasi, bandulo ili pafupi kutha, sadina pamenepo ngati sanaone chomukhudza.

Taonani uthenga wa mayi wina wogulitsa nkhuku. Wayamba motere: "Moni nonse abale ndi alongo, ndikhulupirira mwadzuka bwino. Lero ndati ndikuuzeni za kabizinesi kanga." Mizere iwiri yathera pomwepo, nkhuku sizinatchulidwe. Ulemu ulipo ndithu, ndipo pakhomo pa munthu sitingayambe nkhani tisanalonjerane. Koma apa wowerenga sanakhale pamphasa, chala chake chikuthamanga.

Tsono mayiyo atembenuze: "Nkhuku 40 zoyera, zamasabata 6, zikupezeka ku Area 25 mpaka Loweruka." Wofuna ndiwo wadziwa kale chimene chilipo, kumene chili, ndi tsiku lomwe chithere. Moni, mtengo ndi kakonzedwe kake zibwere m'munsi.

Ena amathawira ku mawu okopa, monga "Simukhulupirira zimene zandichitikira!" Ine otere ndimawadumpha. Amalonjeza phiri, ukatsegula n'kupeza chulu, ndipo wonamizidwa kamodzi mawa sadinanso.

Musanatumize, phimbani uthenga wonse ndi dzanja, musiye mizere iwiri yapamwamba. Funsani mnzanu kuti nkhaniyo ndi yotani. Akakanda m'mutu, fufuzani chiganizo chimene chanyamula nkhani, kawirikawiri chimabisala m'ndime yachitatu, ndipo muchikweze pamwamba.