Katundu wolakwika akafika, ndani alipire ulendo wobweza?

Munthu akagula nsapato kapena chovala pa intaneti, amalipira asanachigwire. Phukusi likafika n'kupezamo saizi ina, mtundu wina, kapenanso chinthu china kotheratu, mkangano umayambira pa ndalama yotumizira katunduyo kwa mwini wake. Chimene chimathetsa mkanganowu ndi funso limodzi: walakwitsa ndani?

Ngati wogula anaitanitsa nsapato ya saizi 8 koma m'bokosi mwatuluka ya 7, wolakwa ndi wogulitsa, chifukwa wapereka chinthu chimene sanagwirizane. Koma ngati anaitanitsa 8, yabwera 8, ndipo ikumuthina, wogulitsa wakwaniritsa pangano. Nkhani ziwirizi zimaoneka zofanana popeza nsapato siikukwana konsekonse, koma malamulo amazisiyanitsa.

Ku South Africa, kumene Amalawi ambiri amakhala ndi kugulako katundu, kusiyanaku kunalembedwa momveka. Gawo 20 la lamulo loteteza ogula la m'chaka cha 2008 limalola munthu kukana katundu amene sanamuone asanafike ngati sakugwirizana ndi zimene anaitanitsa. Katunduyo amabwezedwa pasanathe masiku 10 a ntchito, ndipo ndalama yotumizira, ngakhalenso chiopsezo choti angatayike panjira, zimakhala za wogulitsa. Wogula amene wangosintha maganizo amadalira lamulo lina la m'chaka cha 2002, loona za malonda a pa intaneti. Gawo 44 la lamuloli limamupatsa masiku 7 kuchokera tsiku lolandira kuti athetse malondawo osapereka chifukwa. Apa ulendo wobweza amalipira yekha, ndipo wogulitsa ayenera kubweza mtengo wa katunduyo pasanathe masiku 30. Mwayiwu sukhudza zinthu zopangidwa mwapadera, monga diresi losokedwa pa miyeso ya wogulayo.

Mwachitsanzo, bambo wa ku Johannesburg wagula nsapato ya R900, ndipo kuitumiza kwa wogulitsa kukufunika R100. Ngati anamutumizira saizi imene sanaitanitse, sayenera kutaya kanthu: alandire nsapato yoyenera kapena R900 yake, ndipo R100 ija ndi ya wogulitsa. Ngati anasankha yekha saizi yochepa, atulutsa R100 m'thumba mwake kuti R900 ibwerere.

Pali mpata umodzi umene umasokoneza anthu ambiri. Manambala a nsapato safanana m'mayiko onse. Ku South Africa amatsatira a ku Britain, pamene 8 ya amuna ya ku America nthawi zambiri imalingana ndi 7 kapena 7 ndi theka ya ku Britain. Choncho bambo uja, asanadandaule, ayenera kuona kachikwangwani ka m'kati mwa nsapato, pamene pamalembedwa UK, US ndi EU, n'kuyerekeza ndi zimene zinali pa tsamba logulira. Ngati tsambalo linanena poyera kuti manambala ndi a US, cholakwa ndi chake. Ngati linangolemba 8 osafotokoza, ali ndi poyambira kudandaula, pakuti wogulitsa ndiye anali ndi udindo wofotokoza bwino katundu wake.

Kapemphedwe kake kamayamba ndi umboni. Wogula ajambule phukusi, kachikwangwani ka saizi ndi risiti kapena uthenga wotsimikiza oda, ndipo asayende ndi nsapatoyo panja kapena kudula timapepala ta pa chovala. Kenako alembe uthenga tsiku lomwelo. Kuimba foni sikusiya umboni. Uthengawo ukhale waufupi ndi waulemu: "Ndinaitanitsa saizi 8 pa oda nambala yakuti, koma ndalandira 7, monga zithunzizi zikuonetsera. Chonde nditumizireni yoyenera kapena mundibwezere ndalama. Popeza cholakwacho si changa, mundiuze mmene mulipirire ulendo wobweza." Chofunika kwambiri n'chakuti asatumize kanthu wogulitsa asanavomere polemba. Ndalama imene munthu walipira yekha mopupuluma imavuta kuilonjerera pambuyo pake. Akatumiza, asunge risiti ya onyamula katundu mpaka ndalama kapena nsapato ina itafika.

Kuno ku Malawi, malonda ambiri otere amachitikira pa WhatsApp ndi Facebook, malipiro n'kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, katundu n'kuyenda pa basi. Pangano lolembedwa silikhalapo, ndiye mauthenga a pa foni ndiwo amaima m'malo mwake, ndipo si bwino kuwafufuta. N'chanzeru kufunsa musanalipidwe ndalama kuti saizi ikalakwika alipire basi ndani. Wogulitsa akakana kukonza cholakwa chake, dandaulo lingapite ku bungwe la CFTC, loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, pamodzi ndi zithunzi, mauthenga ndi uthenga wotsimikiza malipiro.