Samu yaitali imene imadzifafaniza yokha

Taonani samu iyi: 1/2 + 1/6 + 1/12 + 1/20, n'kumapitirira choncho mpaka 1/9900. Mafulakishoni ake alipo 99. Wowaphatikiza imodziimodzi dzuwa lingamulowere asanafike pakati, chonsecho yankho limapezeka m'mizere iwiri yokha.

Yang'anitsitsani manambala apansiwo: 2 ndi 1×2, 6 ndi 2×3, 12 ndi 3×4, ndipo 9900 ndi 99×100. Fulakishoni yotere imatheka kuilemba ngati samu yochotsera. Mwachitsanzo, 1/2 − 1/3 ndi 3/6 − 2/6, kutsala 1/6. Zonse zimatsata lamulo lomwelo: 1/(n(n+1)) = 1/n − 1/(n+1). Tsono samu ija tikailembanso ikuoneka chonchi:

(1 − 1/2) + (1/2 − 1/3) + (1/3 − 1/4) + … + (1/99 − 1/100)

Theka lomwe tachotsa poyamba labwezedwa pompo. Nayo 1/3 yachotsedwa, yabwezedwa. Zapakati zonse zikufafanizana ziwiriziwiri, n'kutsala woyamba ndi wotsiriza basi: 1 − 1/100, ndiye kuti 99/100.

Amene ali ndi mita ya madzi pakhomo nzeruyi amaidziwa kale. Madzi a mwezi umodzi ndi nambala ya kumapeto kwa mwezi kuchotsapo ya kuchiyambi. Pofuna a chaka chathunthu simuvutika ndi miyezi yonse 12. Mumangotenga nambala ya kumapeto kwa Disembala n'kuchotsapo ya kuchiyambi kwa Januwale, chifukwa pothera mwezi wina m'pamene unzake ukuyambira.

M'chaka cha 1672, ku Paris, Christiaan Huygens anapatsa Gottfried Leibniz, akadali mnyamata, samu yopanda mapeto: 1 + 1/3 + 1/6 + 1/10 + … Fulakishoni iliyonse apa ndi ya m'samu yathu ija itachulukitsidwa kawiri. Mzere ukamatalika, chochotsera chakumapeto chimanka chicheperachepera, motero samu yathu imayandikira 1 ndipo ya Huygens imayandikira 2. Leibniz anapezadi 2, ngakhale Pietro Mengoli wa ku Bologna anali atafikapo kale mu 1650.

Pamene ophunzira amapunthwa kawirikawiri m'pomwe manambala apansi atalikirana. Tengani 1/(1×3) + 1/(2×4) + 1/(3×5). Wothamanga amalemba 1/(1×3) ngati 1 − 1/3, koma imeneyo ndi 2/3, osati 1/3. Pafunika kugawa ndi 2. Komanso chochotsedwa sichibwezedwa pompo, chimadumpha malo amodzi, kotero otsala ndi anayi, awiri kutsogolo, awiri kumbuyo: theka la (1 + 1/2 − 1/4 − 1/5), lomwe ndi 21/40. Kuphatikiza 1/3, 1/8 ndi 1/15 mwachindunji kumaperekanso 21/40 yomweyo.

Ine ndimaona kuti kutsimikiza kotereku n'kosayenera kukudumpha. Musanafafanize mzere wautali, yambani mwayesa njira yanu pa mafulakishoni atatu oyamba. Mayankho awiriwo akasiyana, bwererani mukaone chomwe mwafafaniza chilibe mnzake.