Kulemba Pempho la Lamulo la Citetezo: Pamene Ulemu wa Cinyanja Ubisa Wocita Nkhanza

1. Mau oyamba

M'caka ca 2011 Nyumba ya Malamulo ya Zambia inakhazikitsa Lamulo Lolimbana ndi Nkhanza za Pakati pa Amuna ndi Akazi, Nambala 1 la caka cimeneco. Lamuloli linapatsa munthu wozunzidwa m'banja mphamvu yopempha khoti la majisitireti kuti limuletse womuzunzayo kucita zinthu zina. Cikalata cimene khoti lipereka ticicha lamulo la citetezo. M'caka ca 2016 kunatuluka malangizo a kayendetsedwe ka milandu yotere, ndipo ku Kabwe ndi ku Lusaka kunatsegulidwa makhoti oweruza milanduyi mwamsanga.

Pempho lifika kwa majisitireti lili lolembedwa, pamodzi ndi cikalata ca lumbiro cofotokoza zimene zinacitika. Zolembedwa za khotili zili m'Cingerezi, pomwe wodandaula wa ku Chipata, ku Katete kapena ku Matero kawirikawiri asimba nkhani yake m'Cinyanja kwa wapolisi, wothandiza za malamulo kapena womasulira. Mfundo yathu m'pepala lino ndi yakuti pempho lifooka nthawi zambiri lisanafike n'komwe m'Cingerezi. Lifooka m'Cinyanja momwemo, cifukwa njira zimene mlankhuli waulemu asimbira za m'nyumba ndizo zicotsa zinthu zimene khoti lifuna kudziwa: anacita ndani, anacita ciani, liti ndiponso kuti.

2. Mneni wobisa wocita

Tiyerekeze mai wina wa ku Chipata, wa ana awiri, wogulitsa pamsika. Citsanzoci tacipanga tokha kuti tiphunzirepo. Atafunsidwa cimene cavuta, maiyo ayankha motere:

(1) M'nyumba mwathu mulibe mtendere. Amandivutitsa masiku onse. Tsiku lija tinamenyana, citseko cinathyoka, ine n'kupweteka dzanja. Ndithandizeni.

Kwa ankhoswe mau awa ndi okwanira, pakuti iwo alidziwa banjalo ndipo amva zimene sizinanenedwe. Majisitireti sadziwa aliyense wa awiriwa. Iye aweruza poyesa umboni wa mbali zonse kuti aone umene ulemera kuposa unzake, ndipo m'ziganizo zinai izi mulibe ciganizo cimodzi conena kuti mwamunayo anacita kanthu kena kake pa tsiku lodziwika.

Tiyambe ndi "tinamenyana". Kamphatikira -an- kaonetsa kucitirana: onse awiri ndi ocita, onse awiri ndi ocitidwa. Koma pa kalankhulidwe ka tsiku ndi tsiku mkazi womenyedwa anena "tinamenyana" kapena "tinayambana" pofuna kupewa kuloza cala mwamuna wake pamaso pa alendo. Womasulira wokhulupirika ku galamala adzalemba kuti awiriwo anacita ndeu, ndipo wodandaula adzakhala atavomera ndi lumbiro kuti nayenso anamenya. Wolemba pempho ayenera kufunsa poyera: "Kodi anayamba kukweza dzanja ndani? Nanga inu munacitapo ciani?" Ngati maiyo anakankha mwamunayo podziteteza, zimenezonso zilembedwe monga momwe zinacitikira. Cikalata ca lumbiro cimene cabisa mbali imeneyi cigwa msanga wodandaulidwa akaichula m'khoti.

"Citseko cinathyoka" ndi nkhani ina. Cinyanja cisiyanitsa msintho wocitidwa, wa -idw-, ndi msintho wa -k-, umene uonetsa mkhalidwe umene cinthu cagweramo. Dubinsky ndi Simango analongosola kusiyana kumeneku m'caka ca 1996 m'magazini ya Language, ndipo Mchombo anabwererako m'buku lake la 2004 lonena za kaumbidwe ka ziganizo za Cicewa. Tinganene kuti "citseko cinathyoledwa ndi amuna anga", koma sitinganene kuti "citseko cinathyoka ndi amuna anga" potanthauza kuti iwo ndiwo anacithyola. Wocitidwa asiya malo a wocita ngakhale titapanda kumuchula. -K- atseka malowo. Citseko cimene cinathyoka cingakhale cinadyedwa ndi ciswe. Cimodzimodzi "mbale zinasweka", "cobvala cinang'ambika", "dzino linaguluka". Ponse pamene wolemba amva mneni wotere, abweze ciganizoco kwa mwini wake kuti cituluke ndi wocita: "anathyola citseko ndi phazi".

Palinso a- wa ulemu. Pa "anandimenya" sitidziwa ngati womenya anali mmodzi kapena ambiri, pakuti mgwirizanitsi a- atumikira mwamuna mmodzi, mwamuna wolemekezedwa ndiponso gulu la anthu. Nkhani ikangolowa apongozi kapena alamu, wowerenga asokera. Mkazi wambiri sachula dzina la mwamuna wake, anena "atate ake a ana" kapena "eni nyumba". Ulemu umenewu sitiutsutsa, koma lamulo la citetezo limanga munthu wochulidwa dzina. Dzina lonse lilembedwe kumayambiriro, ubale wa awiriwo ufotokozedwe, ndipo paliponse pamene palowa munthu wacitatu dzina libwerezedwe, ngakhale mphunzitsi wa cimangirizo anganene kuti kubwerezako kwanyanya.

3. Nthawi, ndi mau ozungulira

"Amandivutitsa" ali ndi zilema ziwiri. Coyamba cili pa -ma-. Polankhula, kukweza ndi kutsitsa kwa mau kusiyanitsa cizolowezi cimene cikali kucitika ndi cimene cinali kucitika kale. Polemba sitiika zizindikiro za kamvekedwe, motero "amandimenya" wa lero ndi wa zaka zapitazo aoneka cimodzimodzi. Kusiyanaku n'kofunika kwambiri pano. Lamulo la 2011 lilola khoti kupereka citetezo ca kanthawi mlandu usanamvedwe wonse, ngakhale wodandaulidwa asanaonekere, ndipo cimene khoti liyang'ana ndi ngozi imene ingagwere wodandaula ngati lamulolo licedwa. Nkhanza zimene zinatha kale sizionetsa ngozi yotere. Cifukwa cake -ma- asaime yekha: patsogolo pake pakhale caka cimene zinayambira, ndipo pambuyo pake pakhale tsiku la cocitika comaliza.

Masiku enieni ambiri sawakumbukira, ndipo si bwino kuwakakamiza kupeka. Wosimba amangirira nthawi ku zocitika: "sabata limene anatsegulira sukulu", "titangokolola cimanga", "tsiku la malipiro". Wolemba atsate cingwe cimeneci mpaka apeze mwezi, ndipo pamene tsiku silidziwika alembe kuti "ca kumayambiriro kwa Juni". Khadi la kucipatala ndi fomu ya apolisi imene dokotala adzaza zithandiza, pakuti zili ndi masiku olembedwa.

Cilema caciwiri ndi mneni mwini wake. Kuvutitsa, kuzunza ndi kucitira nkhanza ndi maina a ciweruzo. Sanena cimene dzanja kapena pakamwa panacita. Lamuloli lizindikira nkhanza za pathupi, za kugonana, za mau ndi maganizo, ndi za cuma, ndipo majisitireti ndiye aika cocitika ciliconse m'gulu lake. Nchito ya pempho ndi kumupatsa zocitikazo. Pa za kugonana vuto likula, pakuti "za m'nyumba", "anandilowera" ndi "anandigwira" ndi mau ozungulira amene womasulira angawapatse tanthauzo losalakwa konse. Apa pafunika malo obisika, wofunsa woleza mtima, ndi ciganizo cimodzi comveka conena cimene cinacitika ndi kuti mwini wake anakana. Mau oopseza alembedwe monga momwe ananenedwera, m'Cinyanja, kumasulira kutsate pambuyo. Mwamuna akati "udzaona" kapena "ucoka muno uli mtembo", kulemba kuti anaopseza basi n'kutaya umboni.

Pambuyo pa mafunso otere, nkhani ya mai uja ingaime motere:

(2) Ndinakwatiwa ndi wodandaulidwa m'caka ca 2015 ndipo tili ndi ana awiri. Anayamba kundimenya m'caka ca 2022 ndipo sanaleke. Pa 2 Juni 2024 analanda ndalama zonse za malonda anga. Lacisanu pa 14 Juni 2024, ca m'ma 21 koloko, ndinadzitsekera m'cipinda. Iye anathyola citseko ndi phazi, anandimenya mbama kawiri, napotokola dzanja langa lamanja. Ndinamukankha kuti ndithawe. Anati: "Ucoka muno uli mtembo." Ana onse awiri anaona. M'mawa mwake ndinapita kupolisi ndi kucipatala. Tsopano ndigona kwa akulu anga, ndipo iye wabwerako kawiri usiku.

Aphunzitsi aone kuti ziganizo zonse ndi zazifupi, mneni aliyense ali ndi mwini wake, ndipo mulibe muonjezi ngati "kwambiri" kapena "koopsa". Ciganizo cotsiriza ndico cinyamula pempho la citetezo ca kanthawi, pakuti cionetsa kuti ngoziyo ikalipo.

4. Cimene apempha

"Ndithandizeni" ndi pempho la munthu wodzicepetsa, losiyira wamkulu kusankha thandizo. M'bwalo la mfumu liyenera. Pa cikalata ca khoti lisiya malo opanda kanthu. Enanso anena "awalangize" kapena "asinthe khalidwe", ndipo n'zoona kuti lamulo lilola khoti kulamula wodandaulidwa kukalandira uphungu. Koma kuphwanya lamulo la citetezo ndi mlandu umene ungapititse munthu kundende, motero ciletso ciliconse ciyenera kukhala coti wapolisi angaone ndi maso kuti caphwanyidwa. Palibe wapolisi angayese ngati munthu wasintha khalidwe. Aliyense angaone ngati munthu waima pakhomo limene analetsedwa kufikapo.

Cinyanja cili ndi cida cabwino ca nchito imeneyi, ndico mneni wa cifuniro wokana, wa -sa- ndi -e kumapeto. Mai wathu angapemphe kuti wodandaulidwa asamumenye kapena kumuopseza, iye mwini kapena potuma munthu wina. Asafike kunyumba kwa akulu ake kapena pamsika pamene agulitsira. Asamuimbire foni kapena kumutumizira uthenga. Zimene afuna kuti zicitike zinenedwe ndi cifuniro comweco cosakana: abweze ndalama za malonda, alipire za kucipatala, ana akhale ndi mai wao kufikira khoti litagamula. Ngati maiyo afuna kubwerera m'nyumba ya banja mwamunayo atacokamo, lamuloli lili ndi cilolezo cake ca kukhala m'nyumba, ndipo ciyenera kupemphedwa poyera. Malo achulidwe ndi nambala ya nyumba ndi dzina la komboni. Koma wolemba afunse kaye ngati wodandaulidwa adziwa kale kumene maiyo athawira, pakuti pepala limeneli lidzafika m'manja mwake.

Ciletso ciliconse cikhale ndi muzu wake m'zocitika. Kupempha kuti mwamuna asafike pamsika, pomwe (2) sinanene kuti anafikako, kudzautsa funso kwa majisitireti. Ngati anafikako, ndime yake iwonjezedwe. Ngati maiyo angoopa cifukwa ndiko kokha mwamunayo angamupeze yekha, cifukwa cimeneco cilembedwe. Lamulo lomaliza poyamba silipitirira miyezi 12, ngakhale khoti lingalitalikitse pakakhala cifukwa comveka, ndipo popempha kutalikitsako wodandaula adzafunikanso masiku ndi zocitika za miyezi imeneyo.

Pomaliza kulemba, cikalataco ciwerengedwe kwa mwini wake m'Cinyanja asanasaine. Wowerenga asabwezeremo -an- ndi -k- amene anacotsedwa pofuna kufewetsa mau. Awerenge kuti "anathyola citseko", aime, afunse ngati ndi mmene zinalili.