KODI TIGULE SOLA YAKUDA KAPENA YABULUU?

Tikapita kokagula panelo ya sola m'masitolo a m'tauni ya Zomba timapeza mitundu iwiri. Wogulitsa amati yakuda ndi "mono", yabuluu ndi "poli", ndipo kawirikawiri amatamanda yakuda. Ndalama zathu n'zochepa, choncho tiyeni timvetse kusiyana kwake tisanatulutse khobidi.

Kodi zimasiyana pati?

Zonse ziwiri amazipanga ndi silikoni, yemwe amachokera ku miyala yonga mchenga. Timabokosi ta mono amatidula ku mtanda umodzi wa silikoni, n'chifukwa chake timaoneka takuda bii. Ta poli amatidula ku silikoni amene anauma m'tizibenthu tambiri, ndipo timaoneka tabuluu, tamawangamawanga.

Pa mphamvu 100 za dzuwa zogwera pa panelo, mono imasandutsa pafupifupi 20 kukhala magetsi, pamene poli imasandutsa 15 mpaka 17. Koma tisasokonezeke. Mono ya mawati 100 ndi poli ya mawati 100 zimapereka magetsi ofanana, kungoti ya poli imakhala yokulirapo. Pa denga lathu malo sasowa, ndiye kukulako si vuto. Mono imapirirako bwino kutentha kwa mu Okutobala, koma phindu lake pa nyumba yaing'ono ndi lochepa.

Kale poli ndiyo inali yotchipa. Pofika 2023 mafakitale ambiri padziko lapansi anali atasiya kuipanga, ndipo mtengo wa mono unatsika. Poli imene tingaipeze lero mwina ndi katundu wakale kapena yogwirapo kale ntchito.

Tiyambe tawerengera zosowa zathu

Tiyerekeze banja lina la ku Songani. Tichulukitsa mawati a chipangizo chilichonse ndi maola amene chimayaka pa tsiku. Mababu 4 a mawati 5 oyaka maola 5 akutipatsa 100. Wailesi ya mawati 5 kwa maola 6 ndi 30. Wailesi yakanema ya mawati 30 kwa maola 3 ndi 90. Kutchaja mafoni awiri ndi 20. Zonse pamodzi ndi 240.

Magetsi ena amatayika m'batire ndi m'mawaya, choncho tionjezere theka la 240, tipeze 360. Kuno kuchigwa cha Domasi tiwerengere maola 4 okha a dzuwa lamphamvu, chifukwa mu Juni ndi Julaye kumachita mitambo ya chiperoni, komanso kwa amene tili m'munsi mwa mapiri a Zomba ndi Malosa dzuwa limabisika msanga. Tikagawa 360 ndi 4 tipeza 90. Banjali lifunika panelo ya mawati 100, kaya yakuda kaya yabuluu.

Tsopano tifananize mitengo

Tigawe mtengo ndi mawati. Tingoyerekeza kuti mono ya mawati 100 akugulitsa K120,000, ndipo poli ya mawati 80 akugulitsa K100,000. Wati imodzi ya mono ikugwera K1,200, ya poli K1,250. Yooneka yotchipa ija ndiyo yodula, komanso siikwana pa zosowa za banjali. Koma poli ya mawati 100 enieni itakhala yotsika mtengo, tigule yomweyo, ndalama yotsalayo tionjezere pa batire ndi kontorola, kabokosi koteteza batire kuti lisadzaze kapena kutha mopitirira. Batire ndilo limayamba kufa, osati panelo.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere

Ngozi yaikulu si mtundu wa panelo ayi, koma mawati abodza olembedwa kumbuyo kwake. Tingawazindikire m'njira ziwiri.

Yoyamba ndi kupima ndi tepi. Mono yabwino ya mita imodzi m'litali ndi theka la mita m'lifupi imapereka pafupifupi mawati 100. Ngati pa panelo ya msinkhu umenewu alembapo 200, limenelo ndi bodza.

Yachiwiri ndi kupita ndi mmisiri wa magetsi amene ali ndi mita yoyezera, akaiyeze panja masana dzuwa lili phwee. Pa chikalata cha kumbuyo pali manambala awiri, Voc ndi Isc. Pa panelo ya mawati 100 yotchajira batire la mavoloti 12, Voc imakhala pafupifupi mavoloti 22, ndipo Isc imayandikira maampu 6. Wogulitsa akangotionetsa mavoloti tisakhutire, chifukwa ngakhale kapanelo ka mawati 20 kamafika pamenepo. Maampu ndiwo amaulula. Mita ikaonetsa maampu 3 pa dzuwa loswa mtengo, mawati ake ndi theka la olembedwawo.

Tikakhutira, tilandire lisiti lolembapo mawati ake. Kunyumba tiike panelo moyang'ana kumpoto, yopendekeka pang'ono, kutali ndi mthunzi wa mango kapena nthochi. Mthunzi pa timabokosi tochepa chabe umagwetsa mphamvu ya panelo yonse, ya mono ndi ya poli yomwe.

Mafunso okambirana m'mphakati

1. Kodi nyumba yathu ikufunika panelo ya mawati angati?
2. Ndani m'dera lathu ali ndi mita, amene angatiperekeze kokagula?